Kuwerenga Walanti ya Galimoto Yogwiritsidwapo Ntchito: Zolonjezedwa ndi Zopatulidwa

Walanti ndi lonjezo lolembedwa limene wogulitsa kapena wopanga galimoto amapereka kwa wogula, lakuti adzakonza kapena kusintha chipangizo chimene chawonongeka chifukwa cha vuto la m'galimoto momwemo, mkati mwa nthawi ndi mtunda zimene mbali ziwirizo zagwirizana. Lonjezoli silikhudza chilichonse chimene chingagwere galimoto. Limakhala ndi malire, ndipo malirewo salembedwa pa chikwangwani cha pabwalo la ogulitsa koma m'ndime za chikalata chimene wogula amasayina. Galimoto ziwiri zikhoza kugulitsidwa ndi mawu ofanana akuti "walanti ya miyezi itatu", koma injini itawonongeka mofanana, mwini wa yoyamba n'kukonzeredwa ulere, wa yachiwiri n'kulipira yekha zonse. Kusiyanaku kumachokera pa zinthu zisanu ndi chimodzi: amene walonjeza, kutalika kwa lonjezo, zipangizo zimene zatchulidwa, zifukwa zimene zapatulidwa, udindo umene wogula wasenzedwa, ndi malire a ndalama pamodzi ndi njira yodandaulira.

Amene walonjeza

Funso loyamba pa chikalata chilichonse ndi dzina la amene adzatulutse ndalama galimoto ikawonongeka. Pali magulu atatu a olonjeza, ndipo mphamvu zawo n'zosiyana.

Gulu loyamba ndi kampani yopanga galimoto. Walanti yake imabwera ndi galimoto yatsopano, imakhala yaitali, ndipo imakhudza pafupifupi galimoto yonse. Mwachitsanzo, galimoto zatsopano za Toyota ku South Africa zakhala zikugulitsidwa ndi walanti ya zaka zitatu kapena makilomita 100,000. Walanti yotere imagwira ntchito kudzera m'magalaja ovomerezedwa ndi kampaniyo, ndipo kawirikawiri imatchula dziko kapena chigawo chimene ikugwirako ntchito. Galimoto yogulidwa kunja n'kulowetsedwa m'dziko lina ikhoza kukhala kuti zaka zake sizinathe, koma dziko limene yafikalo silili pa mndandanda.

Gulu lachiwiri ndi wogulitsa mwiniwake. Galimoto zambiri zimene zimayenda m'misewu ya Malawi ndi Zambia zinagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo zimafika walanti ya kampani itatha kalekale. Chimene wogula amalandira pabwalo la ogulitsa ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu ndi lonjezo la bizinesi imeneyo basi. Limakhala lalifupi, la mwezi umodzi mpaka miyezi ingapo, ndipo mphamvu yake imadalira kuti bizinesiyo idzakhala ikadalipo komanso ili ndi ndalama. N'chifukwa chake dzina la pa walanti liyenera kufanana ndi dzina la pa lisiti ndi la pa mgwirizano wogulitsirana. Nthawi zambiri galimoto imaikidwa pabwalo ndi mwini wake kuti eni bwalo amugulitsire n'kudyapo yawo. Zikatere, mgwirizano umatchula mwini galimotoyo monga wogulitsa, ndipo eni bwalo akhoza kunena kuti iwo anali amkhalapakati chabe.

Gulu lachitatu ndi kampani ya inshulansi kapena kampani ina yapadera imene wogulitsa amangoigulitsira chikalata. Izi n'zofala ku South Africa ndi ku Britain. Wogula amalipira padera, ndipo vuto likabwera wogulitsa galimoto sakhudzidwa: dandaulo limapita ku kampani imene wogulayo sanaonane nayo maso ndi maso, ndipo imaweruza potengera mawu a m'chikalata okha.

Nthawi ndi mtunda

Walanti imayezedwa ndi miyezi komanso makilomita, ndipo imatha pamene chimodzi mwa ziwirizi chayamba kukwana. Ogula ambiri amasunga m'mutu miyezi yokha. Ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre n'kubwerako ndi wa makilomita oposa 600, kotero walanti ya miyezi itatu kapena makilomita 5,000 imatha pakangotha maulendo pafupifupi asanu ndi atatu otere, ngakhale mwezi woyamba usanathe.

Chikalata chabwino chimatchula tsiku limene walanti ikuyamba ndi nambala imene mita ya makilomita ikuwerenga tsiku limenelo. Malo amenewa akasiyidwa osalembedwa, palibe poyambira kuwerenga, ndipo mkangano ukabuka mawu a wogulitsa ndi amene amakhala ndi mphamvu. Tsiku loyambira lingakhale lolipira, losayina kapena lolandira makiyi, ndipo pa galimoto yoitanitsidwa kunja masiku amenewa amatalikirana kwambiri. Galimoto yotsikira pa doko la Dar es Salaam imayenda makilomita pafupifupi 1,500 kudzera pa chipata cha Songwe isanafike ku Lilongwe, ndipo ikhoza kuima masiku angapo podikira za msonkho. Ngati walanti inayamba tsiku lolipira, mbali yake yaikulu imathera panyanja ndi pamsewu mwini wake asanagwire chiwongolero. Ogulitsa ena akunja amapereka masiku owerengeka oti wogula anene vuto galimoto ikangotsika pa doko, ndipo masikuwo amatha galimotoyo ikadali m'njira.

Zipangizo zimene zatchulidwa

Mawalanti amalembedwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba imati chilichonse chili mkati kupatula zimene zandandalikidwa. Yachiwiri imati zimene zandandalikidwa zokha ndi zimene zili mkati. Walanti ya kampani yopanga galimoto imatsata njira yoyamba, pamene ya ogulitsa galimoto zakale imatsata yachiwiri. Pa njira yachiwiriyi, chipangizo chimene sichinatchulidwe dzina chili kunja, ngakhale chikhale chomangiriridwa ku injini yeniyeniyo.

Apa ndi pamene mawu akuti "injini ndi giyabokosi" amasocheretsa. Kwa woyendetsa, injini ndi zonse zimene amaziona akatsegula boneti. M'zikalata zambiri, injini ndi zipangizo za mkati zimene zimayenda mu oyilo: mapisitoni, malingi, mabeyaling'i, shafuti yaikulu yozungulira, mavavu ndi pampu ya oyilo. Zimene zili kunja kwa chitsulo cha injini zimawerengedwa padera. Pampu ya madzi, ladiyeta, mapaipi, fani, mainjekita, makoyilo, masensa, sitata, chipangizo chotchaja batire ndi kompyuta ya injini sizikhala mkati pokhapokha zitalembedwa mayina. Komatu pa galimoto ya zaka khumi, zimenezi ndi zimene zimayamba kuvuta. Pisitoni kusweka yokha popanda china choyambitsa n'kosowa.

Giyabokosi nayonso imafuna kuiwerenga mosamala. Galimoto zambiri zing'onozing'ono zochokera ku Japan, monga Honda Fit, Nissan Note ndi Toyota Sienta zambiri, zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene m'malo mwa magiya a mano imagwiritsa ntchito lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Giyabokosi yotere amakaniko ambiri sayiphwasula kuti akonze chipangizo chimodzi, amangosintha yonse. Ngati chikalata chikutchula magiya, mashafuti ndi mabeyaling'i okha, osatchula lamba, mapule ndi zipangizo zamagetsi zoilamulira, ndiye kuti chinalembedwa poganizira giyabokosi ya mtundu wina, ndipo wogulitsa ali ndi pothawira. Pa galimoto yoyendera petulo ndi magetsi, monga Toyota Aqua kapena Prius, batire lalikulu ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri, ndipo mawu amodzi akuti "mabatire" pa mndandanda wa zopatulidwa akhoza kulitulutsa limodzi ndi batire laling'ono loyatsira galimoto.

Zifukwa zimene zapatulidwa

Kutchulidwa kwa chipangizo sikutanthauza kuti wogulitsa adzalipira. Ndime ya zopatula imayang'ana chimene chachititsa kuti chipangizocho chiwonongeke, ndipo zifukwa zake zimabwera m'magulu odziwika.

Loyamba ndi kutha kwa zinthu chifukwa chogwira ntchito. Mabuleki, kilatchi, matayala, malamba, mafyuluta, mapulagi, mababu ndi mashoko zimapangidwa kuti zizitha, ndipo mawalanti ambiri sazilipira. Vuto limabwera pamene ndimeyi yalembedwa mosatchula zipangizo, n'kungonena kuti kuwonongeka kulikonse kobwera ndi ukalamba wa galimoto kapena mtunda umene yayenda sikuli mkati. Pa galimoto imene yayenda makilomita 120,000, pafupifupi vuto lililonse likhoza kutchedwa ukalamba. Zikalata zina zimawonjezera kuti zimalipira kusweka kwadzidzidzi kokha. Zikatere, injini imene yayamba kudya oyilo ndi kufuka utsi wabuluu, kapena giyabokosi imene ikunjenjemera ponyamuka, siziwerengedwa chifukwa sizinafe tsiku limodzi, zikufa pang'onopang'ono.

Lachiwiri ndi vuto limene linalipo kale pa tsiku logula. Ndime imeneyi ndi yachizolowezi pa walanti ya kampani ya inshulansi, chifukwa iwo sanaione galimotoyo. Ikapezeka pa walanti ya wogulitsa mwini, imachotsa chinthu chenicheni chimene wogula amafunira walanti, poti vuto lotulukira m'sabata zoyambirira kawirikawiri limakhala kuti linayamba galimoto isanagulitsidwe. Chitetezo cha wogula apa ndi lipoti la makaniko wosadalira wogulitsa, lolembedwa asanalipire, losonyeza mmene injini, giyabokosi ndi madzi zinalili, kuphatikizapo zimene kompyuta yoyezera yapeza.

Lachitatu ndi kuwonongeka kotsatira, ndipo ndi lofunika kwambiri pa onse. Zipangizo za galimoto zimadalirana, kotero chaching'ono chikafa chimapha chachikulu. Paipi ya madzi ikaphulika, injini imatentha n'kupsereza gasiketi. Lamba wa tayiming'i akaduka, pa mainjini ambiri mapisitoni amagunda mavavu. Chikalata chimayenera kuyankha mafunso awiri. Kodi chipangizo chosatchulidwa chikawononga chotchulidwa, amalipira? Zikalata zambiri zimati ayi. Nanga chotchulidwa chikawononga chosatchulidwa? Apa zikalata zimasiyana. Zina zimapatula kutentha kwa injini ndi kutha kwa oyilo kotheratu, posayang'ana chimene chayambitsa. Popeza mainjini ambiri amafa ndi zinthu ziwiri zimenezi, walanti ya injini yokhala ndi ndime yotere imatsala yaing'ono kwambiri.

Lachinayi ndi zochokera kunja kwa galimoto: ngozi, maenje a mumsewu, moto, madzi ndi mafuta oipa. Injini ikayamwa madzi powoloka pa malo osefukira, madziwo safinyika ngati mpweya, ndipo amapinda ndodo zolumikiza mapisitoni. Makaniko akaphwasula amaona fyuluta ya mpweya yonyowa ndi ndodo yopindika, ndipo nkhaniyo imakhala ya inshulansi, osati ya walanti. Mafuta a m'zigubu, amene anthu amagula nthawi imene mafuta akusowa, akakhala ndi madzi, fumbi kapena palafini amawononga pampu ndi mainjekita, makamaka pa injini za dizilo zamakono, ndipo wogulitsa angathe kutunga pang'ono mu thanki n'kuwaonetsa monga umboni.

Lachisanu ndi kagwiritsidwe ntchito. Zikalata zambiri zimanena kuti galimoto ikhale ya ntchito za pakhomo ndi zopitira ku ntchito, osati yonyamula anthu olipira, yobwereketsa, yophunzitsira kuyendetsa kapena yonyamula katundu wopitirira mlingo. Ndimeyi ndi yaikulu ku Malawi, kumene Sienta ndi galimoto zina za mipando isanu ndi iwiri zimagulidwa kuti zikhale za matola. Wogula wotere akasayina chikalata chokhala ndi ndime imeneyi, walanti yake imatha tsiku limene wanyamula munthu woyamba wolipira.

Udindo wa wogula

Walanti imakhala ndi zimene wogula ayenera kuchita kuti lonjezo lipitirire. Chachikulu ndi sevisi. Chikalata chimanena kuti oyilo asinthidwe pakapita makilomita angati, kuti asinthidwire kuti, ndiponso ngati pali mpata wochedwerako. Zina zimafuna sevisi yoyamba m'sabata zoyambirira galimoto itangogulidwa, mu galaja ya wogulitsa yemweyo, wogula akulipira yekha. Kuphonya sevisi imeneyi kumatha kufafaniza walanti yonse ngakhale vuto limene labwera lisakukhudzana ndi oyilo.

Umboni wa sevisi ndi lisiti lokhala ndi tsiku, nambala ya galimoto, makilomita, mtundu wa oyilo ndi dzina la galaja. Makaniko wa pansi pa mtengo akhoza kugwira ntchito yabwino, koma ngati sapereka lisiti, pamaso pa wogulitsa sevisiyo sinachitike. Mtundu wa oyilo nawonso umawerengedwa. Giyabokosi ya CVT ili ndi oyilo wakewake, ndipo kuthiramo wa giyabokosi ya otomatiki wamba kumachititsa lamba kuterereka n'kukanda mapule. Kuwonongeka kotere kumaonekera poyera ikatsegulidwa.

Udindo wina ndi wosasintha galimoto popanda chilolezo. Zosintha zimene anthu amaziona ngati zachizolowezi zimawerengedwa ndithu: kukweza galimoto kuti isamagunde pansi, kuika matayala aakulu, kuchotsa femositati poganiza kuti ndi ya mayiko ozizira okha, kuchotsa chosefera utsi cha mu ekizozi, kapena kudula mawaya poika alamu ndi wailesi. Funso loyenera kuliyankha m'chikalata ndi lakuti kusinthako kumachotsa chipangizo chokhudzidwacho chokha kapena walanti yonse.

Udindo womaliza ndi kuima vuto likaoneka. Pafupifupi chikalata chilichonse chimati mwini galimoto achite zotheka kuti kuwonongeka kusakule. Kupitiriza ulendo nyali yofiira ya oyilo kapena ya kutentha itayaka kumawerengedwa monga kusasamala. Kompyuta ya injini imasunga zizindikiro za mavuto, ndipo pa galimoto zina nambala ya P0217, imene imatanthauza kuti injini inatentha mopitirira, imatsala momwemo mpaka woyeza aione.

Malire a ndalama ndi njira yodandaulira

Dandaulo likavomerezedwa, ndalama zimene wogulitsa amatulutsa zimadulidwa ndi ndime zinanso. Pamakhala mlingo wa ndalama umene sangapitirire pa dandaulo limodzi, mwinanso pa nthawi yonse ya walanti. Pamakhala ndalama zoyambirira zimene wogula amalipira yekha pa dandaulo lililonse. Zikalata zina zimalipira zipangizo zokha, ntchito ya makaniko n'kukhala ya wogula, ndipo zina zimagawa mtengo pakati. Oyilo, madzi oziziritsa injini, mafyuluta, kukoka galimoto, malo ogona panjira ndi ndalama zimene bizinesi yaluza galimoto itaima kawirikawiri sizilipiridwa. Wogulitsa amadzisungiranso ufulu woika chipangizo chogwiritsidwapo ntchito m'malo mwa chatsopano, ndipo chikalata chiyenera kunena ngati chipangizocho chili ndi walanti yakeyake.

Njira yodandaulira ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi nthawi: vuto liyenera kunenedwa mkati mwa maola kapena masiku otchulidwa, nthawi zina polemba. Wachiwiri ndi chilolezo: palibe amene ayenera kumasula bawuti wogulitsa asanavomereze. Galimoto ikafera kutali, mwini wake amaitana makaniko wapafupi, ndipo makanikoyo akangotsegula injini, wogulitsa amapeza chifukwa chokanira, ponena kuti sangadziwenso mmene zinthu zinalili. Palinso nkhani ya mtengo wophwasula pofuna kupeza vuto. Zikalata zambiri zimati wogula avomereze kuulipira, ndipo adzabwezeredwa pokhapokha vutolo likapezeka kuti lili mkati mwa walanti.

Chitsanzo chowerengedwa ndime ndi ndime

Chitsanzo chotsatirachi n'chongoyerekeza, ndipo mitengo yake yaikidwa pofuna kuonetsa kawerengedwe chabe. Munthu wagula Toyota Sienta pa 1 Febuluwale, mita ikuwerenga makilomita 92,400. Walanti ndi ya miyezi itatu kapena makilomita 5,000, ya zipangizo za mkati mwa injini ndi giyabokosi zoyenda mu oyilo. Malire ndi K1,500,000 pa dandaulo limodzi, wogula amalipira K150,000 yoyambirira, ndipo kutentha kwa injini, kuwonongeka koyambitsidwa ndi chipangizo chosatchulidwa, oyilo ndi kukoka zapatulidwa.

Kumapeto kwa Malichi, mita ili pa 96,100, galimotoyo ili pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Nyali yofiira ya kutentha yayaka. Woyendetsa wapitiriza makilomita khumi kuti akaime pa malo a malonda. Atafika, injini ikunjenjemera, ku ekizozi kukutuluka utsi woyera, ndipo pansi pa chitsekerero cha oyilo pali zoyererako ngati mkaka, chizindikiro chakuti madzi asakanikirana ndi oyilo. Galimoto yakokedwa mpaka ku galaja ya wogulitsa. Kumeneko apeza kuti pampu ya madzi imadontha, madzi anatha, gasiketi yapsa, ndipo silinda hedi, imene ndi ya aluminiyamu, yapindika pang'ono moti ikufunika kupalidwa.

Mtengo wake uli motere: pampu K180,000, magasiketi K260,000, kupala hedi K150,000, ntchito ya makaniko K400,000, oyilo, madzi oziziritsa ndi fyuluta K140,000, kukoka K350,000. Zonse pamodzi ndi K1,480,000, ndalama zimene sizinafike pa malire a K1,500,000. Miyezi itatu sinathe, ndipo galimoto yayenda makilomita 3,700 okha. Mwini wake akuyembekeza kulipira K150,000 basi.

Chikalata chikuwerengeka mosiyana. Pampu ya madzi siyenda mu oyilo ndipo sinatchulidwe, choncho ili kunja. Gasiketi ndi hedi zawonongeka ndi kutentha, kumene kwapatulidwa, ndipo kutenthako kwayambitsidwa ndi chipangizo chosatchulidwa, kumene kwapatulidwanso. Ntchito ya makaniko imatsata chipangizo: ngati chipangizo chili kunja, ntchito yake ilinso kunja. Oyilo ndi kukoka zinapatulidwa kale. Pansi pa walanti imeneyi wogulitsa salipira kanthu.

Chikalata china cha miyezi itatu yomweyo chikanapereka yankho lina. Chikanakhala kuti chikutchula pampu ya madzi ndi gasiketi, n'kuvomereza kuwonongeka koyambitsidwa ndi chipangizo chotchulidwa, ndalama zowerengedwa zikanakhala za pampu, magasiketi, kupala hedi ndi ntchito, zonse K990,000. Pochotsa K150,000 yoyambirira, wogulitsa akanalipira K840,000 ndipo mwini galimoto K640,000. Komabe makilomita khumi amene anayendedwa nyali itayaka akanatha kusintha zinthu. Wogulitsa akanati pampu inafa yokha koma hedi inapindika chifukwa chopitiriza ulendo. Atavomereza pampu ndi ntchito yoisintha yokha, tinene K260,000, pochotsa yoyambirira ija akanatulutsa K110,000.

Walanti yoyamba ija si yachabechabe. Injini ikanayamba kugogoda chifukwa beyaling'i ya mkati yasweka, oyilo ali pa mlingo wake, malisiti a sevisi alipo, mwini wake n'kuizimitsa nthawi yomweyo n'kuimbira wogulitsa asanaitane makaniko wina, dandaulolo likanadutsa ndime zonse. Ntchito ya kuwerenga ndi kudziwiratu kuti mavuto a mtundu umenewo okha ndi amene atetezedwa.

Walanti ndi lamulo

Walanti ya wogulitsa imawonjezera pa ufulu umene lamulo limapereka, siilowa m'malo mwake. Ku Malawi, lamulo la kagulitsidwe ka katundu limayembekeza kuti katundu wogulitsidwa ndi wabizinesi akhale wogulitsika, wofanana ndi mmene wafotokozedwera, ndiponso woyenera ntchito imene wogula anauza wogulitsa. Palinso lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula pa malonda osachitika mwachilungamo, kuphatikizapo kupereka uthenga wabodza pa katundu. Ku Zambia, lamulo la 2010 la mpikisano ndi chitetezo cha ogula limaletsa kupachika zikwangwani zokana udindo pa katundu wogulitsidwa. Ku South Africa, lamulo loteteza ogula la 2008 limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wavuto kwa wabizinesi amene anamugulitsa, kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, ngakhale kuti ufuluwu sukhudza katundu wogulidwa pa okushoni kapena kwa munthu wamba amene sachita bizinesiyo. Ku Britain, lamulo la 2015 limalola wogula kukana galimoto yavuto m'masiku 30 oyambirira.

Malamulowa ali ndi malire ake. Galimoto yakale siyembekezeredwa kukhala ngati yatsopano, ndipo vuto limene wogula anauzidwa, kapena limene akanaliona pamene ankaiyendera, n'lovuta kulidandaula pambuyo pake. Mu chitsanzo chija, mwini Sienta akanakhala ndi poyambira ngati akanaonetsa kuti pampu inkadontha kale pa tsiku logula, mwachitsanzo ndi zipsera zakale za madzi ouma pansi pake, pamene wogulitsa analemba kuti galimoto yayezedwa ndipo ilibe vuto. Imeneyo ndi nkhani ya lamulo, yofuna umboni ndi nthawi, osati ya walanti.

Dongosolo la kawerengedwe

Chikalata chonse chiyenera kuwerengedwa ndalama zisanaperekedwe, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene wogula ali ndi mphamvu yopempha kuti mawu asinthidwe. Lisiti lina limangonena kuti walanti ikutsata malamulo a kampani, malamulowo ali pa pepala lina limene wogula sanapatsidwe. Pepala limenelo ndiye walanti yeniyeni. Popeza zikalata zotere zimalembedwa m'Chingerezi cha maloya, wogula amene sakumva bwino ndime ina ali ndi ufulu wopita nacho kwa munthu wodziwa asanasayine.

Kawerengedwe kothandiza kamayambira pa matanthauzo a mawu, makamaka a injini, giyabokosi ndi kusweka, kenako ndime ya zopatula, kenako udindo wa wogula, malire a ndalama ndi njira yodandaulira, n'kumalizira mndandanda wa zipangizo. Pomaliza wogula amasankha mavuto atatu kapena anayi amene amachitika kawirikawiri pa mtundu wa galimoto umene akugula, monga kutentha, kuvuta kwa giyabokosi, kufa kwa mainjekita ndi kudya oyilo, n'kudutsitsa lililonse m'ndime zonse monga mmene zachitikira mu chitsanzo chija. Ngati palibe limodzi lomwe ladutsa, mtengo wa galimoto uyenera kukambidwa ngati kuti walanti palibe, ndipo wogula asungire padera ndalama zokonzetsera.

Lonjezo la pakamwa liyenera kulowa m'chikalata. Mgwirizano wambiri umakhala ndi ndime yonena kuti zolembedwazo ndi zokhazo zimene mbali ziwiri zagwirizana, ndipo ndime imeneyi imafafaniza zonse zimene wogulitsa ananena pabwalo. Ngati wavomera kuti pampu ya madzi, ladiyeta kapena batire lalikulu zikhale mkati, kapena kuti galimoto ikhoza kunyamula matola, mawuwo alembedwe pa chikalatacho, mbali zonse zisayine pambali pake, ndipo chidindo cha bizinesi chidindidwe. Chikalatacho chikhale ndi nambala ya tchasisi, nambala ya injini, tsiku loyambira ndi makilomita a tsikulo, ndipo wogula asunge kope lake pamodzi ndi lipoti la makaniko ndi malisiti onse a sevisi mpaka walanti itatha.